Kalata kwa ine mwini: zaka khumi pa ntchito ya maakaunti, 2026 mpaka 2035

Kwa iwe amene uzitsegula kalatayi Januwale aliyense,

Ndikulemba kumayambiriro kwa 2026, ndipo zimene zili m'kalatamu zidzathera mu Disembala 2035. Lero ndiwe kalaliki wa maakaunti. Umalowetsa mainivoisi m'kompyuta, umayanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki, umalondola anthu kuti abweze malisiti a ndalama zimene anatenga, ndipo mapepala atatu oyambirira a mayeso a ACCA, bungwe la akatswiri a maakaunti, unakhoza kale. Pomadzafika 2035 ndikufuna udzakhale ukuyendetsa nthambi yonse ya zachuma pakampani kapena pabungwe lokulirapo ndithu. Ndikunena munthu amene malipoti a pachaka amadutsa m'manja mwake asanapite kwa maodita, amene amaima pamaso pa bodi n'kufotokoza chifukwa chake ndalama zidzachepe m'mwezi wakutiwakuti ngakhale mabuku akuonetsa phindu. Ndipo kumapeto kwa dzina lako kudzakhale zilembo za FCCA, zosonyeza membala wokhazikika wa ACCA.

Pulani imeneyi sindinaiyambire lero n'kumapita kutsogolo. Ndinaiyambira ku 2035 n'kumabwerera m'mbuyo, chifukwa pa njira imeneyi pali zinthu zina zimene sizimva changu cha munthu. Ungawerenge usiku wonse, ungakhale wanzeru kuposa anzako onse, nthawi yake siifupika. Zimenezo ndizo zaika malire a china chilichonse.

Choyamba ndi FCCA imeneyo. Munthu amaipeza atakhala membala wa ACCA zaka zisanu zosadukiza, akulipira za umembala ndi kukwaniritsa maphunziro opitiriza a chaka ndi chaka. Ndiye ngati ukuifuna pofika Disembala 2035, uyenera kukhala utalandiridwa ngati membala pasanadutse Disembala 2030. Tsiku limenelo ndilo msana wa kalata yonseyi. Chachiwiri n'chakuti umembalawo sabwera ndi mayeso okha. Pamafunika miyezi 36 yogwira ntchito yeniyeni ya maakaunti kapena zachuma, yotsimikizidwa ndi wokuyang'anira, kuphatikizapo zolinga zisanu ndi zinayi za luso la pantchito, zisanu zokakamiza aliyense ndi zinayi zosankha wekha, komanso phunziro lija la khalidwe ndi maluso a pantchito lomwe limachitikira pa intaneti. Chachitatu ndi lamulo la zaka zisanu ndi ziwiri: ukakhoza pepala loyamba la gawo lomaliza la mayeso, otsalawo uyenera kuwamaliza m'zaka zimenezo, apo ayi lokhozedwa kale lija limafa ndipo umalilembanso. Lamulo limeneli silikuopseza ngati zinthu zikuyenda, koma ulidziwe, chifukwa anthu ambiri amaimira pomwepo, atakhoza pepala limodzi kapena awiri a kumapeto kenako ntchito ndi banja n'kuwameza.

Tsopano tiwerengere limodzi. Malinga ndi dongosolo limene lilipo lero, mapepala onse alipo 13, ndiye kwa iwe atsala khumi: asanu ndi limodzi a gawo lapakati, omwe pa tsamba lolembetsera amaoneka ngati LW, PM, TX, FR, AA ndi FM, kenako anayi a gawo lomaliza, omwe ndi SBR, SBL ndi ena awiri osankha. Mayeso amalembedwa kanayi pachaka, mu Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, ndipo kuti ukhoze pamafunika malikisi 50. Malamulo amalola kulemba mpaka mapepala asanu ndi atatu pachaka, koma chiwerengero chimenecho usachiyang'ane n'komwe. Chimene chikukulamulira iwe ndi maola amene uli nawo.

Ndayerekeza kuti pepala limodzi la gawo lapakati limakudyera maola ngati 150 ukawerengera kuphunzira, kuyeserera mafunso akale ndi kubwereza. Chiwerengero chimenechi ndi changa, chochokera pa mmene ndimadziwira mutu wako, ndipo ukaona kuti chalakwika udzachikonze. Pa sabata, utachotsa ntchito, tulo ndi anthu a pakhomo, maola amene ungawerenge ndi mutu wogwira ndi khumi. Ndiye kuti pepala limodzi ndi masabata 15, mapepala atatu ndi masabata 45, ndipo pachaka pamatsala masabata asanu ndi awiri okha a matenda, kutseka mabuku a chaka ndi kupumula. Apa waona wekha kuti pepala lachinayi lilibe polowa. Mu 2026 ulembe atatu, mu 2027 atatu. Mu 2028 uchite phunziro la khalidwe lija, kenako SBR ndi SBL basi, chifukwa mapepala a gawo lomaliza ndi olemera ndipo awiri pachaka akwana. Mu 2029 awiri osankha aja. Chaka cha 2030 ndachisiya chopanda mayeso dala. Si chaka chopuma, ndi malo ogwerapo. Pa mapepala khumi n'zosatheka kulonjeza kuti sudzalephera ngakhale limodzi, ndipo pulani yopanda malo a kulephera imasweka pa kulephera koyamba.

Mayeso a mu Malichi uziwadumpha. Kuntchito kwako chaka chimatsekedwa mu Disembala, ndipo kuyambira Januwale mpaka maodita atachoka umaweruka mutu uli zii. Kulipira mayeso a nyengo imeneyo n'kutaya ndalama. Ukadzasamukira kumene chaka chawo chimatha mwezi wina, udzasunthenso nyengo yodumphayo kuti igwirizane ndi kumeneko. Uonenso kuti pakati pa Juni ndi Seputembala, ngakhalenso pakati pa Seputembala ndi Disembala, pali masabata ngati 13 okha, osati 15. Choncho pepala lovuta kwambiri la chaka chimenecho uziliika mu Juni, pamene uli ndi nthawi yotambasuka, ndipo m'miyezi inayo uzionjezera maola awiri pa sabata.

Pali chimodzi chimene chisinthe ndithu. ACCA inalengeza kale kuti kuyambira mu 2027 dongosolo la mayeso ake likonzedwa mwatsopano. Mayina a mapepala ndi chiwerengero chake zimene ndalemba pamwambapa zikhoza kudzakhala zina pomadzawerenga iwe. Zimenezi zisakuchititse kudikira. Mapepala a 2026 ulembe monga ndanenera, ndipo pa kuunika kwa Januwale 2027 ntchito yako yoyamba idzakhale kutsegula tsamba lawo, kuona mmene mapepala ako okhoza akuwerengedwera m'dongosolo latsopanolo, ndi kubwereza masamu a maola aja ndi chiwerengero chatsopanocho. Ngakhale malamulo olembera malipoti sakuima: IFRS 18 iyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2027 m'malo mwa IAS 1, ndipo maonekedwe a lipoti la phindu ndi kutayika kwa ndalama asintha. Buku lililonse logula kwa mnzako uziyamba waona chaka chake.

Za tsiku lounikira. Ndasankha Loweruka lomaliza la Januwale, osati 1 Januwale. Zotsatira za mayeso a mu Disembala zimatuluka chapakati pa Januwale, ndiye kuunika chaka usanazione n'kungolota. Komanso pa tsiku loyamba la chaka mtima umakhala wofewa, umalonjeza chilichonse. Pofika kumapeto kwa mwezi umakhala utabwerera m'moyo weniweni, uli mkati mwa kutseka mabuku, ndipo zimene ungalonjeze pamenepo n'zimene ungathedi kuchita.

Tsiku limenelo usabwere ndi maganizo okha. Iwe ntchito yako ndi yokana kulipira chinthu chopanda lisiti, ndiye nawenso ubwere ndi malisiti ako. Patebulo pakhale zotsatira za mayeso monga zilili pa tsamba lako, chiwerengero cha miyezi ndi zolinga zimene zasainidwa mu My Experience, lomwe ndi tsamba la ACCA lolembamo ntchito imene wagwira, kapepala ka malipiro ka Disembala, kabuku kolembamo maola owerenga, ndi zotsatsa ntchito khumi zimene ndifotokoze pansipa. Chimene chilibe umboni sichinachitike. "Ndatsala pang'ono kumaliza silabasi" si chinthu choti n'kulemba. "Bwana anati asaina" ndi chimodzimodzi.

Pa nkhani ya kusaina imeneyi ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu okhoza mayeso onse amakakamira. Amene amatsimikiza zolinga zako ayenera kukhala akauntanti wovomerezeka, membala wa bungwe lodziwika la akatswiri a maakaunti, ndiponso wodziwa ntchito yako. Ngati bwana wako wa tsiku ndi tsiku alibe umembala wotero, iye akhoza kutsimikiza nthawi imene wagwira, koma zolingazo pafunika wina woyenerera, mwina mkulu wa pamwamba pake kapena akauntanti wakunja amene amaona mabuku anu. Munthu ameneyu umupeze chaka chino chomwe. Vuto limabwera motere: wagwira zaka zitatu ukunena kuti udzalemba zonse pamapeto, kenako wokuyang'anira uja wasiya ntchito, wasamuka, sakuyankha mauthenga, ndipo wobwerayo akukana kusainira ntchito imene sanaione, ndipo sakulakwa. Choncho miyezi uzisainitsa kawiri pachaka, mu Juni ndi mu Disembala, komanso sabata yomweyo ukamva kuti bwana akuchoka kapena iwe ukuchoka. Januwale 2027 payenera kuoneka miyezi 12 ndi zolinga zitatu, Januwale 2028 miyezi 24 ndi zolinga zisanu ndi chimodzi, Januwale 2029 miyezi 36 ndi zonse zisanu ndi zinayi. Miyezi imene unagwira 2026 isanafike nayo imawerengedwa ngati pali woitsimikiza, ndiye uyese kuitola msanga anthu ake akadali pafupi. Ikapezeka, ndi phindu lapadera. Sindinaiwerengere m'pulaniyi.

Zolinga zinayi zosankha zija zili ndi ntchito ina imene sionekera msanga. Zimaulula ngati mpando umene wakhalapo ukukuphunzitsa kanthu. Kalaliki amene amangolowetsa mainivoisi akhoza kudzaza miyezi 36 bwinobwino koma osapeza cholemba pa zokonza malipoti a zachuma, pa bajeti kapena pa misonkho, chifukwa sanazigwirepo. Ukafika pa tsiku lounika n'kupeza kuti palibe cholinga chatsopano chimene ungalembe moona mtima, vuto si ulesi wolemba. Ndiye kuti chaka chonse wabwereza ntchito ya chaka chatha.

N'chifukwa chake funso limene ndikufuna uzilipatsa nthawi yambiri ndi ili: ndi ntchito iti imene ndikutha kuigwira ndekha lero, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, imene Januwale wathayu sindikanaitha? Yankho likhale dzina la ntchito, osati khalidwe. Ndakuikira zoti uzidziyezera. Pakutha pa 2026 ukhale ukutseka wekha gawo la omwe kampani ili nawo ngongole: kuyanjanitsa sitetimenti ya wogulitsa aliyense ndi buku lanu, kupeza inivoisi yolowetsedwa kawiri, ndi kuwerengera ndalama za katundu amene wafika koma inivoisi yake isanabwere. Pakutha pa 2027 ukhale ukusunga kaundula wa katundu wokhalitsa ndi kuwerengera kutsika mtengo kwake, komanso kukonza mafayilo amene maodita amapempha popanda wina kukugwira dzanja. Mu 2028 utseke mwezi wonse, kuchokera pa thirayo balansi mpaka pa lipoti lopita kwa mabwana, ndi ndemanga yofotokoza kusiyana kwa bajeti ndi zimene zachitikadi. Mu 2029 ukonze malipoti a pachaka, kuphatikizapo la kayendedwe ka ndalama, lomwe ambiri amalithawa chifukwa silibisa cholakwa chilichonse cha m'malipoti enawo. Ntchito zimenezi palibe adzakupatse pa mbale. Uzizipempha, makamaka pamene mwini wake akupita kutchuthi, chifukwa nthawi imeneyo bwana amavomera msanga.

Zotsatsa ntchito khumi zija ntchito yake ndi iyi. Chaka chonse, ukaona malo otsatsidwa a udindo umene uli masitepe awiri patsogolo pako, uzisunga. Pa tsiku lounika utenge khumi, ulembe zofunika zimene zikubwerezedwa m'zambiri mwa izo, ndipo pa chilichonse uchonge ngati uli nacho ndi umboni. Sukufunsira ntchitozo, ukungoona kumene msika walowera. Ngati zisanu ndi ziwiri mwa khumi zikufuna munthu wodziwa pulogalamu yaikulu yoyendetsera maakaunti a kampani yonse pamene iwe umangodziwa masipuredishiti, chimenecho chilowe m'pulani ya chaka chikubweracho, ngakhale m'kalata muno mulibe. Ine wa 2026 sindingadziwe zimene olemba ntchito adzafune mu 2032. Zotsatsazo zidzadziwa.

Tiyeni tiyeserere tsiku limodzi lounika, kuti podzafika lenilenilo usadzadzinamize. Tinene kuti ndi Januwale 2028. Mapepala atatu a 2026 unakhoza. Mu 2027 FR wakhoza ndi 58, AA wapeza 46, ndipo FM sunalembe chifukwa mwana anadwala miyezi iwiri. Mu My Experience muli miyezi 18 m'malo mwa 24, zolinga zinayi m'malo mwa zisanu ndi chimodzi. Kabuku ka maola kakuonetsa 310 pa 450. Mtima udzafuna kuchita chimodzi mwa ziwiri: kunena kuti chaka chinali chovuta ndiye palibe chodandaulitsa, kapena kulumbira kuti chaka chino ulemba mapepala asanu kuti ubweze. Zonse ziwiri uzikane, utenge pensulo.

Atsala mapepala asanu ndi limodzi. AA mu Juni 2028, FM mu Seputembala kapena Disembala. SBR ndi SBL asunthira ku 2029. Awiri osankha apita ku Juni ndi Seputembala 2030, zotsatira zomaliza zituluka mu Okutobala, ndipo watsala ndi miyezi iwiri yofunsira umembala Disembala asanathe. Pulani ikadali moyo, koma chaka chogwerapo chija chadyedwa chonse, moti kulephera kwina kamodzi kukankhira FCCA ku 2036. Zimenezo uzilembe momwemo, mosakometsa. Kenako uone kumene kungapezeke mpata. Ngati maola abwerera pa khumi pa sabata, n'zotheka kulemba AA mu Juni, FM mu Seputembala ndi kuyamba SBR yoti ulembe mu Disembala, poti FR ikadali m'mutu ndipo SBR imamangidwa pamwamba pake. Miyezi isanu ndi umodzi yosasainidwa ija si vuto la luso, ndi nkhani ya uthenga umodzi kwa bwana Lolemba lotsatira. Zolinga ziwiri zoperewerazo ndizo zofunika kuzifufuza: kodi sunalembe chabe, kapena palibe cholemba?

Malikisi 46 aja nawo ali ndi zonena. Kulephera ndi 45 mpaka 49 kawirikawiri kumasonyeza kuti nkhaniyo ukuidziwa koma mayankho ako sakugwira funso, kapena nthawi inakuthera funso lomaliza lisanayankhidwe. Pa AA, pepala la oditi, zimachitika kwambiri: munthu amalemba kuti odita "aone ngati ndalamazo zili zoona", pamene wochonga akufuna unene chikalata chenicheni chimene odita atenge, achiyerekeze ndi chiyani, pofuna kutsimikiza chiyani. Mankhwala ake si kuwerenganso buku kuyambira tsamba loyamba. Ndi kuyankha mafunso akale wotchi ili patebulo, kudzichonga mosanyengerera, ndi kuwerenga malipoti amene oyesa mayeso amatulutsa ofotokoza pamene ophunzira anaphonya. Koma ukapeza malikisi osafika 40, ndiye kuti pali mitu imene sunaimvetse kapena unaidumpha, ndipo kulembetsanso nyengo yotsatira pomwepo n'kungobwereza zomwezo. Pamenepo udumphe nyengo imodzi, uphunzirenso. Pepala limodzi likakukana kawiri, usinthe njira yophunzirira usanalipirenso kachitatu: upeze mphunzitsi, kapena gulu la anzako olemba pepala lomwelo amene angachonge mayankho ako.

Za ndalama ndinena mwachidule. Mwezi uliwonse gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro lizipita ku akaunti yapadera ya mayeso, mabuku ndi zolipira za pachaka, tsiku lomwelo malipiro alowa. Mayeso akatha, gawo lomwelo lisaime, lizipita ku thumba la pangozi mpaka likwane kukusunga miyezi isanu ndi umodzi. Thumba limenelo ndi gawo la pulani ya ntchito, chifukwa akauntanti amene alibe pothawira amavutika kukana akauzidwa kuti asinthe deti pa inivoisi kapena abise ngongole kufikira maodita atadutsa. Tsiku lotero likhoza kudzafika, ndipo umembala umene ukuuvutikirawu umatha kulandidwa chifukwa cha siginecha imodzi.

Zaka zisanu zachiwiri, 2031 mpaka 2035, ndazilemba mopepuka dala, chifukwa kuzilemba mwatsatanetsatane lero kungakhale kunamizira kudziwa. Koma zili ndi ngozi yakeyake. Mayeso amakupatsa deti ndi malikisi, ndipo akatha palibenso amene amakuuza ngati ukupita patsogolo. Chotsala chokakamiza ndi maphunziro opitiriza, mayunitsi 40 pachaka, 21 mwa iwo okhala ndi umboni, yuniti imodzi kukhala ola limodzi. N'zosavuta kuwadzaza mu Disembala ndi misonkhano ya pa intaneti imene ukumvera uku ukuchita zina. Iwe uziwasankha mu Januwale, kuchokera pa mipata imene zotsatsa ntchito khumi zija zaonetsa.

Muyeso wa zaka zimenezo udzachoka pa zimene ukudziwa kupita pa zimene zikuyenda chifukwa cha iwe. Pofika kumapeto kwa 2031 ukhale ndi munthu mmodzi kapena awiri amene ntchito yawo umaiyankhira ndiwe. Pofika 2032 ukhale utatsogolera oditi yonse kumbali ya kampani, ndipo chiwerengero cha zolakwa zimene maodita alemba m'kalata yawo yopita kwa oyang'anira chikhale chotsika poyerekeza ndi chaka chapitacho. Pofika 2033 bajeti ya bungwe lonse idutse m'manja mwako, pamodzi ndi kulosera kwa ndalama zolowa ndi zotuluka kwa masabata 13 akutsogolo, komwe uzikuyerekeza sabata iliyonse ndi zimene zachitikadi. Uziwerenganso masiku amene gulu lako limatenga kutseka mwezi. Ngati unapeza akutseka pa tsiku la 12 la ntchito ndipo patatha zaka ziwiri akutseka pa lachisanu ndi chimodzi popanda kugona mu ofesi, chimenecho ndi chinthu choti ukanene pa intavyu, ndipo wofunsa aliyense wodziwa ntchitoyi adzachimva. Zaka za 2034 ndi 2035 ndi zofunsira mpando weniweniwo, kaya pomwe ulipo kaya kwina.

Udziwiretu kuti udindo umenewo uli ndi zake. Walira mvula walira matope. Nthawi yambiri idzapita ku misonkhano, kukambirana ndi banki, kukana zopempha za anzako a nthambi zina, ndi kuuza munthu wamkulu kuposa iwe kuti ntchito yake ili ndi zolakwa. Ngati pofika 2032 udzaone kuti chimene chimakusangalatsa ndi kukhala pansi n'kumasula nkhani yovuta ya misonkho kapena ya malipoti, osati kuyendetsa anthu, kusankha kukhala katswiri wa gawo limodzi si kugwa. Mapepala awiri osankha a 2029 aja udzawasankhe ukuganizira zimenezi: opita ku oditi ndi misonkho amatenga AAA ndi ATX, ofuna kuyendetsa chuma cha kampani amapendekera ku AFM ndi APM. Chisankho chimenecho chidzachitike pa kuunika kwa Januwale 2029, utagwirako mbali zonse ziwiri, osati lero.

Tsopano malamulo osinthira pulaniyi, poti ndikudziwa kuti udzafuna kuisintha. Uli ndi ufulu wonse wotero, koma pa tsiku lounika lokha. Maganizo obwera pakati pa chaka, kaya chifukwa bwana wakukalipira, kaya mnzako wapeza ntchito ya malipiro okwera m'gawo lina, uziwalemba kumapeto kwa kabuku ka maola n'kuwasiya. Akakhala akadali ndi mphamvu mu Januwale, akambidwe. Chosiyana ndi mwayi wa ntchito umene uli ndi deti lotsekera. Umenewo uuyeze ndi mafunso awiri: kodi kumeneko kuli munthu woyenerera kusainira miyezi ndi zolinga zanga, ndipo kodi ndikagwira ntchito imene ili pa mndandanda wa chaka chamawa? Ngati mayankho onse ndi ayi, malipiro okwerawo akugula zaka zako motchipa. Posintha usafufute zakale. Ulembe chatsopanocho pansi pake, ndi deti ndi chifukwa, kuti wa 2033 adzathe kuona ngati zifukwa zako zimakhala zomveka kapena ndi chifukwa chimodzi chomwecho chongosintha malaya.

Pali zinthu ziwiri zimene zikachitika sufunikanso kukambirana ndi mtima wako, chifukwa ndagamula kale lero mutu uli pamalo. Ukaunika kawiri motsatizana osapeza ntchito yatsopano yoti utchule, ndipo unapempha koma sanakupatse, pofika kumapeto kwa Malichi chaka chimenecho ukhale utatumiza makalata ofunsira ntchito kwina. Usadikire kukwezedwa kumene akhala akukulonjeza pakamwa. Chachiwiri n'cholemera kuposa apa. Pansi pa tsamba la chaka chilichonse uzilemba chiganizo chimodzi choyankha ngati ukufunabe ntchito imeneyi. Likatuluka yankho loti ayi zaka zitatu zotsatizana, zaka zimene zina zinali zabwino kuntchito, ndiye kuti si kutopa. Pamenepo ndakumasula ku kalata yonseyi, ndipo zaka zimene waika kale zisakhale chifukwa choikiranso zina. Ndingokupempha kuti ngati watsala ndi mapepala awiri kapena limodzi, umalize kaye, poti umembala umayenda nawe ngakhale utapita ku ntchito ina, pamene mapepala okhozedwa a gawo lomaliza amafa zaka zisanu ndi ziwiri zikakwana usanamalize otsalawo.

Tsamba la chaka chilichonse likhale limodzi, lisapitirire. Pamwamba zimene zinalonjezedwa, pakati zimene zachitika ndi manambala ake, pansi zinthu zosaposa zitatu za chaka chikubweracho, chilichonse ndi mwezi wake. Ukamaliza ulipereke kwa munthu mmodzi amene ali patsogolo pako pa ntchitoyi, osati bwana wako wa panopa, aliwerenge ndipo akufunse mafunso. Amene amakukonda kwambiri sayenera ntchito imeneyi, adzakumvera chisoni msanga.

Za chaka chino zili motere. Sabata ino ulankhule ndi amene akhale wokusainira ndipo umulembetse mu My Experience. Pakutha pa Febuluwale akaunti ya mayeso ikhale itatsegulidwa ndipo gawo loyamba litalowa. Maodita akangochoka uyambe PM yoti ulembe mu Juni, kenako LW mu Seputembala ndi TX mu Disembala. Kuunika koyamba ndi Loweruka pa 30 Januwale 2027, ndipo udzabwere ndi malisiti onse asanu aja.

Ndine,
iwe wemwe wa mu Januwale 2026